Mita ikuzungulira koma pansi mpouma: mmene mungapezere pomwe paipi yokwiriridwa ikudonthera

*Funso: Bilu yanga ya madzi yakwera pafupifupi katatu m'miyezi iwiri, chonsecho sitinasinthe kagwiritsidwe ntchito. Mita ili kumunsi, nyumba ili kumtunda, ndipo pakati pali paipi yakuda ya pulasitiki ya mamilimita 32, yotalika mamita ngati 200. Ndayenda njira yonse koma sindinaone ponyowa. Kodi ndifukule yonse, kapena pali njira yodziwira pomwe yabooka?*

Khasu liyambe ladikira, bambo. Kuuma kwa pamwamba kusakupusitseni: madzi otuluka m'paipi amakonda kutsatira dothi lofewa la m'ngalande yomwe paipiyo inakwiriridwamo, kapena kulowa pansi ngati nthaka ili yamchenga, ndipo akatulukira pamwamba nthawi zambiri amatulukira kutali ndi bowo lenilenilo. Mwa zida ziwiri zomwe mukufunika, chimodzi muli nacho kale, chomwe ndi mita yanuyo. China ndi geji yoyezera puresha. Mita imanena kuchuluka kwa madzi omwe akuthawa, geji imanena chigawo chomwe akuthawira, ndipo paipi ikakhala pamtsetse ngati yanuyi, geji ikhoza kukufikitsani pafupi kwambiri ndi malowo.

Yambani ndi mita. Tsekani mipopi yonse, muuze onse apanyumba kuti kwa theka la ola pasakhale wotunga kapena wogejemula chimbudzi. Manambala akuda a pa mita ndi makiyubiki mita, ndipo imodzi ndi malita 1,000, ndiye pa ntchito iyi sakuthandizani. Yang'anani ofiira, kapena timawilo tating'ono tokhala ndi timivi. Pa mamita ambiri a m'nyumba, kawilo kolembedwa `x0.0001` kakazungulira kamodzi ndiye kuti lita imodzi yadutsa. Lembani manambala onse, muwerenge mphindi 10 pa wotchi, mulembenso. Kusiyanako mukakugawa ndi 10 mwapeza malita a pa mphindi imodzi. Bwerezani kawiri kapena katatu, chifukwa kudontha kwa bowo kumakhala kokhazikika, pomwe thanki yomwe ikudzaza imayamba mwamphamvu kenako n'kumachepa.

Kenako tsekani valavu yomwe ili polowera m'nyumba, muyezenso. Apa ndi pomwe anthu ambiri amazindikira kuti akanakumba pachabe. Mita ikaima, paipi ya pansi ilibe mlandu, vuto lili m'nyumba: kathanki ka chimbudzi komwe kakutsanulira madzi mwakachetechete, mpira wa m'thanki ya pamwamba womwe sukutseka, kapena giza yomwe ikutaya madzi pa kapaipi kake kosefukira. Ikapitiriza kuzungulira pa liwiro lomwelo, madzi akuthawira pakati pa mita ndi nyumba. Ikachepa koma osaima, muli ndi mavuto awiri, ndipo muyenera kudziwa gawo la lililonse kuti mukakonza limodzi musadabwe.

Ndikufotokozereni ntchito ina yomwe ndinagwira, chifukwa ikufanana kwambiri ndi yanuyi. Paipi inali ya pulasitiki yakuda yotchedwa HDPE, ya mamilimita 32, yotalika mamita 240, mita kumunsi, nyumba kumtunda mamita 12 pamwamba pake, ndipo mtsetse wake unali wokwera mofanana njira yonse. Mipopi yonse ili chitsekere, mita inkadutsa malita 31 pa mphindi 10. Titatseka valavu ya kunyumba anatsala malita 25. Asanu ndi imodzi aja anali a chimbudzi chimodzi chomwe mphira wake unali utatha. Malita 2.5 pa mphindi amamveka ochepa, koma ndi malita 150 pa ola, 3,600 pa tsiku, makiyubiki mita 108 pa masiku 30. Ndipo pa puresha ya mabaa atatu, bowo lotaya madzi amenewa limangokhala la mamilimita awiri, ngati mutu wa machesi. N'chifukwa chake pamwamba panalibe ngakhale chinyontho.

Tsopano geji. Pa nkhope yake pamalembedwa `bar`, ndipo baa imodzi ndi kulemera kwa madzi oima mamita pafupifupi 10. Nambala imeneyi muisunge, tibwereranso. Geji iyenera kukhala pa chigawo chomwe mukuyezacho, kutanthauza kuseri kwa valavu ya pa mita, mbali yanu. Ngati pali mpopi wa panja pafupi ndi mita, imangeni pamenepo. Ngati palibe, ikani chilumikizo cha nthambi zitatu. Mita yeniyeniyo ndi chidindo chake musazikhudze, nthawi zambiri zimakhala za ogulitsa madzi. Valavu ya kunyumba ikhale yotseka. Lembani chomwe geji ikunena, kenako tsekani valavu ya pa mita, maso ali pa kamuvi, wotchi ili m'manja.

Chifukwa chomwe kuyeza kumeneku kumagwirira ntchito n'chakuti madzi sapanikizika. Mukawatsekera m'paipi, pang'ono pokha akathawa puresha imagwa. Paipi ya mamita 240 ija inali ndi madzi okwana malita ngati 150, pakuti mita imodzi ya paipi yotere imasunga malita pafupifupi 0.6. Koma kuti puresha itsike ndi baa imodzi yathunthu, pankangofunika kutuluka madzi okwana kapu imodzi. Ikanakhala yachitsulo, yomwe sifutukuka ngati pulasitiki, masupuni awiri aang'ono akanakwanira. Choncho geji imagwira ngakhale kudontha kochepa komwe mita sikuona, poti mita ikamadutsa madzi ongodontha pang'onopang'ono timawilo take sitisuntha. Pa ntchito ijayi kamuvi kanachoka pa 3.2 kufika pa 1.2 pasanathe theka la mphindi.

Komabe geji imanama, ndipo ndimakonda kuti munthu adziwe mabodza ake asanaikhulupirire. Bodza lalikulu ndi la valavu yosatseka bwino. Valavu ya pa mita ikamalowetsa madzi pang'ono, imabwezera omwe akuthawa, kamuvi n'kuima ngati zonse zili bwino. Mungaigwire chonchi: itsekeni, mutsegule mpopi kuti puresha itsike mpaka pafupi ndi ziro, mutsekenso mpopiwo. Kamuvi kakamakwera kokha osalekeza, valavuyo ikudutsitsa madzi, ndipo zoyeza zanu zonse zilibe ntchito mpaka mutaika ina kuseri kwake. Valavu ya kunyumba nayo ikhoza kukunamizani mbali inayo: ikamadutsitsa madzi kupita ku chimbudzi chodontha chija, puresha idzagwa, inu n'kumanamizira paipi yabwinobwino. Mavalavu akale otseka ndi gudumu ndiwo amakonda zimenezi. Ngati mukukayika, masulani chilumikizo cha kunyumbako mutsekepo ndi chivindikiro.

Lachiwiri ndi mpweya wotsekeredwa m'paipi. Mpweya umapanikizika, ndiye umakhala ngati sipuling'i yomwe ikukankha madzi puresha ikafuna kugwa. Malita asanu okha a mpweya pa mabaa atatu amafuna kuti madzi oposa lita ndi theka atuluke puresha isanatsike ndi baa imodzi, mmalo mwa kapu ija. Kudontha kwakukulu kumaoneka ngati kochepa. Musanayeze, tsegulani mpopi wa pamalo okwera kwambiri mpaka madzi asiye kulavula n'kumatuluka mosadukiza.

Lachitatu ndi khalidwe la pulasitiki yeniyeniyo. Paipi ya HDPE mukaikweza puresha imafutukuka pang'onopang'ono kwa maola, ndipo kamuvi kamatsika ngakhale palibe bowo. Kusiyana kwake n'kwakuti kutsika kotere kumayamba mofulumira kenako n'kumazirala mpaka kamuvi kukhala ngati kaima, puresha yambiri idakalipo, pomwe bowo limakoka kamuvi osasiya. Izi zimavuta makamaka mukapopera puresha yoposa yomwe paipiyo inazolowera, kapena ikakhala kuti inali yopanda madzi. Paipi yomwe yakhala pa puresha yake masiku onse, mukangoitsekera pa puresha yomweyo, sivutitsa kwenikweni. Kutentha nakonso kumasuntha kamuvi ngati gawo lina la paipi lili pa dzuwa, choncho m'mamawa kapena usiku ndi nthawi yabwino. Ndipo musayese ndi mpweya wa kompuresa: madzi paipi ikaphulika amangotayika, koma mpweya wopanikizidwa umaponya zidutswa, makamaka pa PVC.

Ngati mita yanu ikuoneka yoima koma kamuvi kakutsika, pali njira yosavuta yodziwira kuchuluka kwa kudonthako. Siyani paipi yotsekeredwa kwa mphindi 30, mulembe manambala a mita, kenako mutsegule valavu kuti puresha ibwerere pomwe inali. Madzi omwe mita yadutsitsa pobwezera ndiwo omwe anathawa. Poti amalowa nthawi imodzi, mita imawawerenga. Chiwerengerochi chimachepa pang'ono poyerekeza ndi chenicheni, chifukwa puresha ikamatsika bowo limataya madzi ochepa; pa bowo lozungulira, puresha ikatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, madzi otuluka amatsika ndi theka.

Pofika apa mwadziwa kuti ndi paipi ya pansi, ndipo mwadziwa kukula kwa vuto. Funso latsala ndi lakuti pati. Mwina wina akuuzani kuti ikani geji kumayambiriro ndi kumathero, ndipo kusiyana kwake kukuuzani mtunda. Ganizoli n'loona: madzi amayenda kuchokera ku mita kufika pa bowo basi, ndiye puresha imatayika pa gawo limeneli lokha, kupitirira apo madzi amangoima. Koma zimatheka kudontha kukakhala kwakukulu. Malita 30 pa mphindi m'paipi ya mamilimita 32 amataya pafupifupi mabaa 0.3 pa mamita 100 alionse, zomwe geji yabwino imaona. Malita 2.5 pa mphindi amataya madzi oima masentimita atatu okha pa mtunda womwewo, ndipo geji wamba singaone zimenezo. Pa paipi ngati yanu, ine sinditaya nthawi ndi njirayi.

Chomwe chimandithandiza ndi mtsetse. Taganizani za ndowa yobooka pambali: madzi amatsika mpaka kufika pa bowo, n'kuima pomwepo. Paipi yokwera phiri imachitanso chimodzimodzi. Mukatseka madzi kumunsi, omwe ali kumtunda kwa bowo amatuluka onse, omwe ali kumunsi kwake amatsala, ndipo geji yomwe ili kumunsi imawerenga kulemera kwa otsalawo. Kamuvi kakaima, kakuuzani kukwera kwa bowo kuchokera pa geji:

```
kukwera (mamita) = puresha (bar) x 10.2
```

Pa ntchito ija, kamuvi katafika pa 1.2 kanayamba kuyenda mwaulesi. Nambalayi sinali yachilendo: mamita 12 a mtsetse ndiwo anali kulemera pa geji. Madzi sakanatsika bwino popanda mpweya wolowa kumtunda, monga mmene botolo lodzaza limavutira kutsanula. Tinamasula chilumikizo cha kunyumba kuti mpweya ulowe, ndipo kamuvi kanayambanso kutsika. Apa pamafunika kuleza mtima. Malita ngati 90 anayenera kutulukira pa kabowo kaja puresha ikuchepera chepera, ndipo zinatenga maola awiri ndi theka. Ndinkalemba mphindi 15 zilizonse: 1.2, 1.05, 0.92, mpaka kusiyana kunayamba kuchepa. Pa 0.5 kanaima, ndipo patadutsa theka lina la ola kanali pomwepo. Choncho bowo linali mamita pafupifupi asanu pamwamba pa geji. Pa mtsetse wokwera mamita 12 pa mamita 240, mita imodzi ya kukwera ndi mamita 20 a mtunda, ndiye tinayembekeza kulipeza cha pa mamita 100 kuchokera pa mita.

Ngati geji yomwe munayezera poyamba ndi ya mabaa 10, siyokwanira pa gawo ili, chifukwa timizere take n'totalikirana. Kulakwitsa ndi mabaa 0.05 ndi theka la mita m'mwamba, komwe pa mtsetse uja ndi mamita 10 a kukumba. Pezani ya baa imodzi kapena 1.6, koma muimange puresha itatsika kale, apo ayi muipinda kamuvi. Kumbukiraninso kuti madzi aima m'paipi, osati pamwamba pa nthaka. Ngati paipi ili masentimita 60 pansi, malo omwe mukufuna ndi pomwe nthaka yakwera mamita 5.6 kuchokera pa geji, osati asanu. Mtsetse ukakhala wosafanana, musagawe mtunda ngati mmene ndinachitira ine. Yezani kukwera kwenikweni ndi kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi, monga amachitira amisiri omanga, mukukwera sitepe ndi sitepe ndi kukhoma zikhomo.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Paipi ikakhala yokwera ndi kutsika ngati msana wa ngamila, madzi ndi mpweya zimatsekeredwa m'zigwa ndi pa zitunda, geji n'kunena zosamveka. Bowo likakhala mng'alu wa m'litali mwa pulasitiki, limatha kudzitseka puresha ikachepa, madzi n'kuima asanafike pa bowolo. Zikatero nambala yanu ikungokuuzani kuti vuto lili pamenepo kapena kumunsi kwake, osati kumtunda. Chizindikiro chake n'chakuti kamuvi kamaima mwadzidzidzi, ndipo mukabwereza kamaima pena. Mabowo akakhala awiri, madzi amatsika mpaka pa lakumunsi, lakumtunda limabisala, ngakhale kuti nthawi zina mumaliona pa zolemba zanu liwiro la kutsika likasintha pakati. Ndimabwereza kawiri ndisanauze aliyense kuti akumbe.

Mtsetse ukakana, kapena malo akakhala athyathyathya, kwatsala kudula pakati. Kumbani dzenje limodzi pakatikati pa paipi, muidule, muikepo valavu, muitseke, n'kukayang'ana mita. Ikazungulirabe pa liwiro lija, bowo lili pakati pa mita ndi valavuyo; ikaima, lili kutsogolo. Mwachotsa theka ndi dzenje limodzi. Mamita 200 amasanduka 100, kenako 50, 25, ndipo dzenje lachinayi limakusiyani ndi mamita 12 kapena 13. Nthawi zonse werengani malita, musangoona ngati kawilo kakuzungulira: malita 2.5 akatsika kufika pa 1.5, ndiye kuti mbali zonse ziwiri zikudontha. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti podula paliponse pamatsala chilumikizo, ndipo zilumikizo ndizo zimayamba kudontha pakapita zaka. Ndiye ngati mukudziwa pomwe pali zilumikizo zakale, monga pomwe mpukutu umodzi wa paipi unathera wina n'kuyambira, pokhota, kapena pa nthambi, kumbani pamenepo ngakhale pasakhale pakati penipeni. Mwina mupeza vutolo pa dzenje lomwelo.

Mukatsala ndi mamita 10 kapena 15, bwezerani madzi pa puresha yonse ndipo mugwiritse ntchito khutu. Tengani chitsulo chachitali chosasongoka, kapena sikuludiraiva yaitali, mukhazike nsonga yake pansi pamwamba pa paipi, chogwirira chili pa khutu, usiku kukakhala zii. Bowo limalira ngati kutsonya kosalekeza. Paipi yachitsulo imanyamula phokosoli kutali, koma ya pulasitiki imalimeza, choncho yendani theka la mita nthawi imodzi. Chitsulo chomwecho mukachikankhira pansi pambali pa mzere wa paipi, osati pamwamba pake penipeni, chimalowa mosavuta pomwe dothi lanyowa ndipo chimatuluka ndi matope. Musanabaye kapena kukumba, tsimikizani kuti m'ngalandemo mulibe waya wa magetsi, pakuti ena amakwirira zonse pamodzi.

Ife tinayamba kubaya pa mamita 90. Dothi linali louma mpaka pa 96, pomwe chitsulo chinatuluka chonyowa, ndipo mwini malo anafuna kuti tikumbe pomwepo. Ndinamupempha kuti tikwerebe, popeza madzi amatsetserekera kumunsi ndipo chinyontho choyamba chomwe mungakumane nacho pokwera ndi mchira wake chabe. Matope anapitirira mpaka pa 104, kenako dothi linaumanso. Tinakumba pomwe matope anathera kumtundako, ndipo masentimita 60 pansi tinapeza paipi itagona pa mwala wosongoka womwe unaiboola chakunsi. Madzi ankawombera pansi, atakumba kale kamphanga kolowa mkono.

Tinadula chidutswa cha theka la mita, n'kuika china ndi zilumikizo ziwiri zomanga ndi manja, titayala mchenga pansi pake. Musakwirire musanayezenso. Tsukani paipi kaye potsegula mpopi wa kumtunda mpaka madzi ayere, chifukwa nthawi yomwe inali yopanda puresha madzi akuda a m'dothi amatha kulowera pa bowo lija. Kenako bwerezani zoyeza ziwiri zoyambirira dzenje lidakali lotsegula: mita kwa mphindi 10, geji kwa mphindi 30. Kwa ife mita inaima ndithu, ndipo kamuvi kanatsika kuchoka pa 3.2 kufika pa 3.1 n'kukhazikika, zomwe n'zachibadwa kwa paipi yomwe yangobwezeredwa puresha. Kwa inu mita ikapezeka ikuyendabe, chotsani malita atsopanowo pa oyamba aja kuti mudziwe omwe mwapulumutsa, muyambirenso kusaka otsalawo. Koma mukapeza kuti khungu la paipi ndi louma, losweka mukalipinda, kapena mwafika pa bowo lachitatu, lekani kusaka, mukumbe ngalande yatsopano pambali pake n'kuyala ina, mutaika valavu ndi pomangira geji kumapeto onse awiri.